Peyisilipi ndi sitetimenti: zimene ofisala wa ngongole amawerenga musanalandire ndalama

Mukalowa m'banki masiku a kumapeto kwa mwezi, maso amathamangira pa mzere wautali wa anthu okatapa ndalama. Koma cha pambali pamakhala mzere wina waufupi, wa anthu okhala pa mipando, aliyense atagwira envulopu ya khaki pamiyendo. Awa ndi ofuna ngongole ya pa malipiro. Mu envulopumo mumakhala chitupa cha unzika, kalata yochokera kuntchito, mapeyisilipi a miyezi itatu yapitayi ndi sitetimenti ya kubanki ya miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi. Ambiri mwa iwo amatuluka atauzidwa kuti alandira ndalama zochepa kuposa zimene anapempha, ena amabwezedwa chimanjamanja, ndipo kunja amakadandaula kuti kubanki kulinso tsankho. Chimene chimandimvetsa chisoni n'chakuti yankho limene anapatsidwalo linali kale m'mapepala amene ananyamula okha, kungoti palibe anawaphunzitsapo kuwawerenga mmene ofisala wa ngongole amawawerengera.

Ngongole ya pa malipiro ilibe chikole. Simusiya nyumba, galimoto kapena munda. Chimene banki ikugwira ndi malipiro a miyezi imene sinafike, ndalama zimene inuyo simunazigwirire ntchito n'komwe. Ndiye ofisalayo ali ndi mboni ziwiri zokha. Peyisilipi ndi mawu a abwana anu, ikunena zimene anakulipirani ndi zimene anadula. Sitetimenti ndi mawu a banki, ikunena zimene zinafikadi mu akaunti ndi kumene zinapita. Ntchito yake ndi yonga ya a nyakwawa pa bwalo: kumvetsera mboni ziwirizi ndi kuona ngati zikugwirizana.

Kuti nkhaniyi imveke, tiyerekeze kuti pa mpando paja pakhala bambo wina, kalaliki wa kampani ina yogulitsa zipangizo zomangira. Nyumba yake yafika pa lintala, mvula yayandikira, ndipo akufuna K2,000,000 yogulira malata, matabwa ndi misomali, kuti abweze m'miyezi 24. Peyisilipi yake ikuonetsa K600,000 pamwamba. Mumtima mwake akuti munthu wolandira K600,000 sangalephere kubweza K2,000,000 m'zaka ziwiri.

Ofisala sathamangira pa nambala imeneyo. Amayamba ndi zinthu zooneka zazing'ono za pamwamba pa pepala. Dzina la pa peyisilipi lifanane ndi la pa chitupa cha unzika ndi la pa akaunti. Kuyambira pamene boma linalemba nzika m'kaundula mu 2017, chitupa chimenechi ndicho chimamanga mapepala onse pamodzi, ndipo mayi amene kuntchito amadziwika ndi dzina la kwa mwamuna wake pamene pa chitupa pali la bambo ake omubereka amayenera kufotokoza ndi kubweretsa umboni. Akatero amaona nambala ya wantchito, tsiku limene analembedwa ntchito, ndi nambala ya akaunti imene malipiro amapitako. Tsiku loyamba ntchito limamuuza ngati munthuyo akadali pa nthawi yoyesedwa, pamene abwana angathe kumuchotsa mosavuta. Kalata ya kuntchito imamuuza ngati ntchitoyo ndi yokhazikika kapena ndi ya kontirakiti. Apa lamulo lake n'losavuta: ngongole isapitirire ntchito. Wa kontirakiti imene yatsala ndi miyezi 10 sangapatsidwe miyezi 24 yobwezera, ndipo wogwira ntchito m'boma wa zaka 59, amene apume akakwanitsa zaka 60, sangapatsidwe ngongole ya zaka zitatu, ngakhale malipiro ake atakhala okwera chotani.

Kalaliki wathu ndi wokhazikika ndipo wagwira ntchito zaka zisanu ndi chimodzi. Apa wadutsa.

Tsopano ofisala amatsika pa K600,000 ija ndi kuiphwanya. Pa mzere wolembedwa kuti Basic Pay pali K520,000, ndipo pansi pake pali ovataimu ya K80,000. Amatenga mapeyisilipi ena awiri aja n'kuwaika pambali pa iyi. Mwezi wina ovataimu inali K35,000, mwezi wina panalibiretu. N'chifukwa chake amafuna mapeyisilipi atatu, osati imodzi. Munthu akafuna ngongole amasankha mwezi umene unamuyendera bwino, ndipo palibe cholakwa pamenepo, koma ngongole idzadulidwa ndi m'miyezi yowuma yomwe. Ndalama ya ovataimu, ya bonasi, ya alawansi ya ulendo kapena ya malipiro otsalira amene abwana anabweza pakamodzi, ofisala amaichotsa, kapena amangowerengerako pang'ono ngati ikubwera mwezi ndi mwezi mosadumphitsa. Alawansi ya nyumba imene ili m'kalata ya ntchito ndipo sisintha, imeneyo amaiwerengera. Funso lake pa ndalama iliyonse ndi limodzi: kodi imeneyi idzakhalaponso chaka chamawa mwezi ngati uno?

Mbali ya zodulidwa ndi imene amakhalapo nthawi yaitali. Pali zodulidwa zimene lamulo limakakamiza. Choyamba ndi msonkho wa PAYE umene abwana amadula n'kupereka ku MRA. M'chaka cha boma cha 2024/25, K150,000 yoyamba pa mwezi sinkadulidwa msonkho, K350,000 yotsatira inkadulidwa 25 peresenti, ndipo yopitirira K500,000 inkadulidwa 30 peresenti kufikira pa K2,550,000. Magawo amenewa nduna ya zachuma imawasintha pafupipafupi, koma tigwiritse ntchito omwewa pa chitsanzo chathu. Pa K600,000, msonkho ukhala K117,500. Chachiwiri ndi penshoni. Kuyambira 2011 lamulo limafuna kuti wantchito azisonkha 5 peresenti ndipo abwana aziikapo 10 peresenti. Pa peyisilipi ya kalalikiyu padulidwa K26,000, imene ndi 5 peresenti ya K520,000.

Manambala awiriwa amagwiranso ntchito ina imene anthu ambiri saidziwa. Ndi amene amaulula peyisilipi yabodza. Masiku ano aliyense wodziwa kompyuta angathe kusintha K400,000 kukhala K600,000, koma kawirikawiri amaiwala kuti malipiro akakwera msonkho ndi penshoni zimakweranso, ndipo zimakwera motsata lamulo. Ofisala wozolowera amangotenga kakyuleta, n'kuwerengera msonkho payekha. Ukasiyana ndi wa pa pepala, amadziwa kuti pali dzanja limene linadutsapo. Amaonanso ngati manambala a msonkho wa chaka chonse, pa mapeyisilipi amene amawaonetsa, akukwera moyenera kuchokera mwezi wina kufika mwezi wina. Ndipo akafuna kutsimikiza, amaimbira a kuntchito kwanu pa nambala imene banki ili nayo kale m'mabuku ake, osati imene yalembedwa pa kalata mwabweretsayo, chifukwa nambala ya pa kalata yabodza imayankhidwa ndi mnzake wa wolembayo. Ndinene pano poyera kuti kusintha peyisilipi ndi mlandu wa chinyengo, ndipo munthu angataye ntchito yeniyeniyo chifukwa cha malipiro ongopeka.

Pansi pa zodulidwa za lamulo pali zimene munthu anasankha yekha. Kalaliki wathu amasonkha K20,000 ya masheya ku SACCO ya kuntchito, amabweza K60,000 ya ngongole ya ku SACCO komweko, ndipo amalipira K6,500 ya inshulansi ya maliro. Zonse pamodzi ndi msonkho ndi penshoni zikukwana K230,000. Pa mzere wotsiriza, wolembedwa kuti Net Pay, patsala K370,000. Ofisala amasiyanitsa zodulidwazi. Masheya ndi ndalama ya mwini wake imene akusunga, ndipo kwa iye ndi chizindikiro chabwino. K60,000 ija ndi ngongole, ndipo ikudya kale malo amene ngongole yatsopano ikufuna kukhalapo. Adzafunsa kuti yatsala miyezi ingati, ndipo angafune kalata yochokera ku SACCO yonena ndalama yotsala.

Akachotsa ovataimu ndi msonkho wake, nambala imene ofisala amagwira ndi iyi: malipiro okhazikika a K520,000, kuchotsa msonkho wa K93,500 ndi penshoni ya K26,000, kutsala K400,500. Munthu amene analowa akudziona wa K600,000, m'maso mwa banki ndi wa K400,500.

Banki iliyonse ili ndi malire ake a gawo la malipiro limene lingapite ku ngongole zonse pamodzi. Malirewa amasiyana pakati pa banki ndi banki, ndipo mabungwe ena obwereketsa amaika m'malo mwake ndalama yochepetsetsa imene iyenera kutsala m'manja mwa wantchito. Tiyerekeze kuti banki imeneyi imalola 40 peresenti. Pa K400,500, ndiye kuti ngongole zonse zisapitirire K160,200 pa mwezi. SACCO yatengapo kale K60,000. Kwatsala K100,200. Peyisilipi yanena zake zonse, ndipo ikanakhala mboni yokhayo, kalalikiyu akanakhala pafupi ndithu ndi zimene anapempha.

Koma pali mboni yachiwiri.

Chinthu choyamba chimene ofisala amafufuza pa sitetimenti ndi K370,000 ija. Iyenera kuoneka ikulowa, yofanana ndendende ndi ya pa peyisilipi, kuchokera ku akaunti ya kampani imene yatchulidwa. Akatero amachita chimodzimodzi ndi miyezi inayo. Zikasiyana pamakhala zifukwa zingapo, ndipo si zonse zoipa. Mwina munthuyo anauza a kuntchito kuti azigawa malipiro ake m'mabanki awiri. Mwina analandira adivansi pakati pa mwezi imene sinalembedwe bwino. Koma ndalamayo ikalowa ngati yoikidwa pa kauntala ndi munthu, kapena ikachokera pa foni, ofisala amaima kaye, chifukwa umu ndi mmene anthu amanamizira malipiro: kubwereka ndalama kwa mnzawo, kuiika mu akaunti pa 25, mawa lake n'kuitapa kukabweza, miyezi itatu motsatizana. Kampani yoona imalipira antchito ake kuchokera ku akaunti yake, ndipo dzina lake limaoneka pa mzerewo.

Tsiku limene malipiro amalowa nalonso limalankhula, ndipo limanena za abwana osati za wantchito. Akalowa pa 25, pa 26, pa 24, palibe nkhawa. Akalowa pa 27 mwezi uno, mwezi wotsatira pa 9, wina n'kulowa theka lokha, ndiye kuti kampaniyo ikupuma movutikira. Apa munthu wokhulupirika amene sanaphonyepo ngongole amatha kukanidwa chifukwa cha mavuto a kumene amagwira ntchito. Zimawawa, ndipo ine sindinganene kuti n'chilungamo kwa wantchitoyo, koma ofisala akudziwa kuti tsiku lodula ngongole likafika mu akaunti muli mbee, chilango chidzagwera munthu yemweyo amene akufuna kumuthandiza. N'chifukwa chakenso mabanki amakonda makampani ndi mabungwe amene anachita nawo mgwirizano, kumene abwana amalonjeza kuti malipiro adzapitirira kudutsira ku banki imeneyo mpaka ngongole itatha, ndi kuti adzadziwitsa banki wantchitoyo akasiya ntchito.

Pali njira ziwiri zimene ngongole ya pa malipiro imabwezedwera, ndipo zimasintha mmene ofisala amawerengera sitetimenti. Ina ndi yodula kuntchito komweko, malipiro asanatuluke, monga zimachitikira ndi ngongole zambiri za aphunzitsi, anamwino ndi apolisi. Imeneyi imaoneka pa peyisilipi. Inayo ndi yodula mu akaunti malipiro akangolowa. Imeneyi pa peyisilipi siioneka ngakhale pang'ono. Abwana sakuidziwa. Imangooneka pa sitetimenti, ndipo pamenepa m'pamene kalaliki wathu anapunthwa.

Pa 28 mwezi uliwonse, K45,000 ikutuluka mu akaunti yake kupita ku bungwe lina la ngongole zing'onozing'ono. Ndalama yofanana, tsiku lofanana, kumalo kofanana, miyezi yonse isanu ndi umodzi. Pa fomu, pamene panafunsidwa za ngongole zina, iye analemba ya ku SACCO yokha.

"Bambo, K45,000 iyi ikupita kuti?"

"Aa, imeneyo ndi ya fizi ya mwana, ndinatenga chaka chatha. Yatsala pang'ono kutha, ndiye ndinaona ngati siikufunika kulemba."

Mwina akunena zoona kuti sanafune kubisa. Koma taonani zimene zachitika ndi masamu aja. Pa K100,200 imene inatsala, tichotse K45,000. Kwatsala K55,200 yokha. Ndipo pali china chimene chachepa chimene sichilembedwa ndi manambala: ofisala tsopano akudzifunsa kuti pali zinanso zingati zimene sizinalembedwe. Ngongole yotereyi kuibisa n'kosathandiza, chifukwa kuwonjezera pa sitetimenti, banki imafunsanso ku mabungwe osunga mbiri ya ngongole, monga Credit Data CRB ndi TransUnion, amene amagwira ntchito pansi pa lamulo la 2010 moyang'aniridwa ndi Reserve Bank of Malawi. Kumeneko kumapezeka ngongole zimene munatenga ku mabanki ndi mabungwe ena ovomerezeka, ndi mmene munabwezera. Munthu ali ndi ufulu wopempha kuona mbiri yake yomwe, ndipo ndi nzeru kutero musanakapemphe ngongole yaikulu, chifukwa zimachitika kuti ngongole imene munamaliza kalekale ikuonekabe ngati yotsala, ndipo kukonzetsa zimenezo kumatenga masiku.

Pali ngongole zina zimene sizifika ku mabungwe amenewa, za banki m'khonde ndi za katapila. Koma nazonso zimasiya mapazi. Ya banki m'khonde imaoneka ngati ndalama yofanana yopita pa nambala imodzi ya foni sabata iliyonse kapena mwezi uliwonse. Ya katapila mapazi ake ndi owopsa kwambiri. Akatapila ambiri amasunga khadi la ATM la wobwereka pamodzi ndi nambala yake yachinsinsi. Ndiye pa sitetimenti mumaona malipiro alowa, ndipo tsiku lomwelo ndalama yatapidwa kangapo motsatizana mpaka akaunti yauma, mwezi ndi mwezi. Pakati pa mwezi mumalowa ndalama kuchokera kwa munthu mmodzimodzi, ndipo kumapeto kwa mwezi zimatuluka zochuluka kuposa zinalowazo. Ofisala akaona zimenezi amadziwa kuti malipirowa ali kale ndi mwini wake wina, ndi kuti tsiku la malipiro padzakhala mpikisano pakati pa banki ndi wakatapila wa amene ayambe kufika pa ndalamayo.

Apa ndiyenera kuteteza anthu ambiri osalakwa. Kutapa malipiro onse tsiku limodzi, pakokha, si umboni wa vuto. Ambiri mwa ife timakankhira ndalama ku Airtel Money kapena ku Mpamba chifukwa lendi, thumba la chimanga, makala, mayunitsi a magetsi ndi ndalama yotumiza kumudzi zimalipiridwa pa foni kapena pamanja. Mphunzitsi wa kusukulu ya kutali ndi tauni sangakwere basi kanayi pa mwezi kukatapa pang'onopang'ono. Ofisala wodziwa dziko lake amazimvetsa zimenezi. Chimene amayang'ana ndi chithunzi chonse cha miyezi ija. Kodi ndalama imene imatsala mu akaunti tsiku loti mawa malipiro alowa ikucheperachepera mwezi ndi mwezi? Kodi akaunti imalowa m'ngongole mwezi usanathe? Kodi pali mizere ya chilango, yosonyeza kuti bungwe lina linayesa kudula ndalama yake n'kupeza mulibe kanthu? Mzere umodzi wotere ungafotokozedwe, mwina malipiro anachedwa mwezi umenewo. Itatu m'miyezi isanu ndi umodzi ndi yankho lokwanira, chifukwa ikuonetsa mmene munthuyo amachitira ndi ngongole imene ali nayo kale.

Chinanso chimene chachuluka m'zaka zino ndi juga ya pa foni. Siioneka ngati ndalama imodzi yaikulu. Imaoneka ngati timizere tambirimbiri ta K2,000, K5,000, K3,000, kambiri pa tsiku, makamaka Loweruka ndi Lamulungu pamene mipira ikuseweredwa. Ofisala akaziphatikiza amapeza kuti zikuposa ndalama imene munthuyo akuti angakwanitse kubweza pa mwezi. Sali pamenepo kuti aweruze khalidwe la munthu, koma sangachite ngati sanaone.

Nanga ndalama zina zolowa, za geni ya pambali? Kalaliki wathu amagulitsanso nkhuku, ndipo pa sitetimenti pakuoneka ndalama zolowa mwa apo ndi apo. Zimamuthandiza kuoneka kuti sadalira malipiro okha, koma pa ngongole ya mtundu uwu kawirikawiri siziwerengeredwa m'masamu aja. Chitopa chikalowa m'khola, ndalama imeneyo yatha, ndipo banki ilibe njira yoidulira.

Sitetimenti nayo anthu amainamiza, makamaka ikakhala yochokera ku banki ina. N'chifukwa chake amafuna yodindidwa chidindo, kapena yotumizidwa ndi banki inayo mwachindunji. Yabodza imagwidwa pa mzere wa kumanja, wa ndalama yotsala. Mzere uliwonse umadalira wa pamwamba pake, ndiye munthu akafufuta K45,000 yotuluka, manambala onse a pansi pake amasiya kugwirizana. Ndalama yotsala kumapeto kwa tsamba limodzi iyeneranso kukhala yoyambira pa tsamba lotsatira, ndipo tsamba likasowa pakati, ofisala amalifunsa limenelo lisanafunsidwe lina lililonse.

Tibwerere kwa kalaliki uja ndi malata ake. Tiyerekeze kuti chiwongoladzanja ndi 36 peresenti pa chaka, chowerengedwa pa ndalama yotsala, kutanthauza 3 peresenti pa mwezi. Nambalayi ndi ya chitsanzo chabe, yeniyeni mudzaipeza pa kalata imene banki idzakupatseni. K2,000,000 yobweza m'miyezi 24 ikufuna pafupifupi K118,100 pa mwezi. Iye malo amene ali nawo ndi a K55,200. Pa ndalama imeneyo, m'miyezi 24, angapatsidwe pafupifupi K935,000, yosakwana ngakhale theka la zimene anapempha.

Ofisala wabwino sathera pa kukana. Amafunsa kuti ngongole ya fizi ija yatsala zingati, ndipo kalata yochokera ku bungwelo ikuti K250,000. Banki ingathe kuilipira yonse mwachindunji kuchokera pa ngongole yatsopanoyo. K45,000 ija ikachoka, malo amabwerera pa K100,200. M'miyezi 24 malo amenewa akukwana ngongole ya pafupifupi K1,700,000. Akatalikitsa nthawi kufika miyezi 36, K2,000,000 yonse ikutheka, pa K91,600 pa mwezi.

Pamenepa ndi pamene ndimafuna kuti wobwereka aliyense aziima kaye asanagwire cholembera, chifukwa chimwemwe cha kumva kuti zatheka chimatseka maso. Pa miyezi 24, K2,000,000 imabwezedwa ngati K2,834,000. Pa miyezi 36 imabwezedwa ngati K3,298,000. Chaka chimodzi chowonjezeracho mtengo wake ndi ndalama yoposa K460,000. Komanso K2,000,000 sikuti idzafika yonse m'manja. K250,000 ipita kukatseka ngongole yakale, ndipo mabanki ambiri amadula pachiyambi ndalama yokonzera ngongole ndi ya inshulansi imene imalipira ngongoleyo wobwereka akamwalira kapena akalumala. Funsani kuti inshulansiyo imathandizanso munthu akachotsedwa ntchito kapena ayi, chifukwa si zonse zimatero. Funsaninso ngati chiwongoladzanjacho n'chokhazikika. Ngongole zambiri za kubanki zimatsatira mulingo umene mabanki amalengeza mwezi uliwonse, ndipo umenewo umakwera Reserve Bank of Malawi ikakweza wake. Amene anali ndi ngongole pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 amakumbukira kuti mitengo ya zinthu inakwera nthawi yomweyo, chiwongoladzanja n'kutsatira, pamene malipiro anatsalira m'mbuyo.

Malire a 40 peresenti aja anthu amawada, amati banki ikuwamana ndalama zawo zomwe. Ine ndimawaona mwina. Chimene ndimadandaula nacho n'chakuti malirewo sadziwa za moyo wa munthu. Sadziwa kuti kalalikiyu ali ndi ana anayi ndi mayi ake okalamba kumudzi, kapena kuti lendi ya kumene akukhala podikira nyumba yake ndi K90,000. Mabanki ena amafunsa zimenezi pa fomu, koma ambiri a ife timalemba manambala ochepa kuti tidutse. Masamu otsirizawa ndi a mwini wake. M'mwezi wopanda ovataimu, atalipira SACCO ndi inshulansi ya maliro, kalalikiyu amatsala ndi K314,000. Kale ankachotsapo K45,000 n'kutsala ndi K269,000. Akasaina ya miyezi 36, azitsala ndi K222,400, ndipo zidzakhala choncho mpaka ngongole ya ku SACCO itatha. Achotsepo lendi, atsala ndi K132,400 ya chakudya, thiransipoti, magetsi, madzi ndi fizi ya teremu ikubwerayo, fizi yomwe ija imene inamutengetsa ngongole chaka chatha.

Ofisala sakhala womaliza. Akamaliza kuwerengera amalemba maganizo ake n'kupereka fayilo kwa a manijala kapena ku likulu, kumene ena amene sanamuonepo kalalikiyu adzawerenga mapepala awiri omwewo. Sadzamva mmene anafotokozera za fizi ya mwana, sadzaona chithunzi cha nyumba ya pa lintala chimene anaonetsa pa foni. N'chifukwa chake ofisala amaumirira kalata ya ku SACCO, kalata ya ndalama yotsala ku bungwe lija, ndi fomu yatsopano yolembedwa ngongole zonse ziwiri. Kalalikiyo anapempha kuti abwerenso mawa, akakambirane kaye ndi mayi a kunyumba ngati atenge K2,000,000 ya zaka zitatu, kapena K1,700,000 ya zaka ziwiri n'kufolera kaye zipinda ziwiri ndi pabalaza mvula isanagwe.